Mmene mungamangire kombo ya lupanga yomenya katatu ndi montaji imodzi mu Unreal Engine 5

Kombo, kutanthauza kumenya kangapo kotsatizana, yomwe imaoneka yodukaduka kawirikawiri simakhala ndi vuto la animeshoni yoipa. Vuto limakhala lakuti kumenya kwachiwiri kumayamba pa nthawi yomwe wosewera wadina batani, pomwe kumayenera kuyamba pa nthawi yomwe thupi la wankhondo lafika pamalo oyenera kulandira kumenya kotsatira. Malangizo awa akutsata njira imodzi yokha yothetsera zimenezi, yomwe ndi kulola batani kusankha njira yomwe idzatsatidwe ndi montaji, fayilo yoika maanimeshoni pamodzi ndi kuwagawa m'zigawo, koma kusiya malire a zigawo za montajiyo kuti ndiwo alamule nthawi yosinthira. Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha wankhondo wa lupanga womenya katatu, ndipo manambala onse a mafulemu omwe ali m'munsimu ndi a chitsanzochi basi, kotero kuti inu mudzayeza anu malinga ndi maanimeshoni omwe muli nawo.

Musanatsegule montaji

Mukufunika maanimeshoni atatu a mtundu wa Animation Sequence omwe ali pa Skeleton imodzi ndi wankhondo wanu. M'chitsanzo chathu onse akuyenda pa mafulemu 30 pa sekondi, woyamba ndi wachiwiri ali ndi mafulemu 36 aliyense, ndipo wachitatu, womwe ndi kumenya kwamphamvu komalizira, ali ndi mafulemu 48. Tsegulani animeshoni yoyamba ndipo muiyendetse fulemu imodziimodzi mpaka mupeze malo omwe lupanga lamaliza kudutsa koma wankhondo asanayambe kubwerera poima. Lembani nambala ya fulemu imeneyo papepala. Kenako tsegulani animeshoni yachiwiri ndi kuyang'ana fulemu yake yoyamba: phazi lomwe lili kutsogolo, mbali yomwe chiuno chaloza, ndi komwe kuli lupanga ziyenera kufanana kwambiri ndi zomwe mwaona pa fulemu yomwe mwalemba ija. Bwerezani zomwezo pakati pa animeshoni yachiwiri ndi yachitatu. Kwa ife fulemu yolembedwa papepala ndi 18 pa animeshoni yoyamba ndi 21 pa yachiwiri.

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amailumpha, koma ndi pamene pagona zonse, chifukwa injini ikachoka pa chigawo chimodzi cha montaji kupita pa china sisakaniza maimidwe awiriwo mwa iyo yokha. Imangosiya fulemu ina ndi kuonetsa inzake. Ngati animeshoni yachiwiri ikuyambira poima wamba, dulani mafulemu ake oyambirira mukaiika mu montaji, posintha Start Time ya chidutswacho mu Details, kapena pemphani wojambula animeshoni akonze chiyambi chake.

Ngati mukufuna kuti wankhondo azisuntha kutsogolo pomenya, tsegulani animeshoni iliyonse mwa zitatuzi ndi kuyatsa EnableRootMotion mu Asset Details. Chimenechi chimayatsidwa pa animeshoni, osati pa montaji. Mu Class Defaults ya Animation Blueprint onetsetsani kuti Root Motion Mode ili pa Root Motion from Montages Only.

Siloti, khomo lolowera mu AnimGraph

Montaji siingaoneke pa thupi la wankhondo pokhapokha ngati AnimGraph ili ndi nodi ya siloti yomwe dzina lake likufanana ndi la siloti ya montajiyo. Tsegulani Animation Blueprint, ndipo pakati pa nodi yomwe imatulutsa kuyenda ndi kuthamanga ndi Output Pose ikanipo nodi ya `Slot 'DefaultSlot'`. Pamene palibe montaji yomwe ikusewera, nodiyi imangodutsitsa zomwe yalandira osasintha kanthu, ndipo montaji ikayamba imaphimba zonsezo ndi kumenya. Pambuyo pa nodi ya siloti ikanipo nodi ya Inertialization, yomwe tidzaigwiritsa ntchito kumapeto, kenako lumikizani ku Output Pose ndi kudina Compile.

Dzina lathunthu la silotiyi ndi `DefaultGroup.DefaultSlot`, ndipo mbali yoyamba ya dzinali ndi gulu. Lamulo la magulu ndi lakuti mamontaji awiri a gulu limodzi sasewera pamodzi, watsopano amaimitsa wakale. Pa kombo yathu lamuloli likutithandiza, chifukwa montaji yoonetsa wankhondo akulasidwa ikakhala m'gulu lomwelo imadula kombo yokha popanda ife kulemba china chilichonse.

Ena amakonda kupanga siloti ya kumtunda kwa thupi mu Anim Slot Manager ndi kuiphatikiza ndi miyendo yothamanga kudzera pa nodi ya Layered blend per bone kuyambira pa fupa la `spine_01`. Njira imeneyi ndi yabwino pa mfuti kapena pa kumenya kopepuka uku mukuyenda, koma pa lupanga lomwe mphamvu yake imachokera m'chiuno ndi m'mapazi ine sindingakulangizeni kutero, popeza manja amaoneka akumenya pomwe miyendo ili pa ulendo wake wina. Mukapanga siloti yatsopano, kumbukirani kuti maina a masiloti amasungidwa mu Skeleton, choncho fayilo imeneyo iyeneranso kusungidwa.

Kupanga montaji ndi kudula zigawo

Mu Content Browser dinani batani lakumanja la mausi pa animeshoni yoyamba, sankhani Create kenako Create AnimMontage, ndipo muitche `AM_SwordCombo`. Itsegulani ndi kukokera animeshoni yachiwiri ndi yachitatu kuchokera mu Asset Browser kupita pa mzere wa siloti, motsatana. Montaji yonse tsopano ili ndi mafulemu 120, omwe ndi masekondi 4.

Pamwamba pa mzere wa nthawi pali mzere wa zigawo womwe uli ndi chigawo chimodzi chotchedwa `Default`. Chisintheni dzina kuti chikhale `Attack1`, kenako dinani batani lakumanja pa mzerewo ndi kusankha New Montage Section kuti muwonjezere zigawo zinayi. Ikani `Recover1` pa fulemu 18, `Attack2` pa fulemu 36, `Recover2` pa fulemu 57, ndi `Attack3` pa fulemu 72. Nambala 57 ikuchokera pa kuphatikiza 36, pomwe animeshoni yachiwiri yayambira, ndi 21 yomwe tinalemba papepala paja. Ndi bwino kusankha chigawo chilichonse ndi kulemba nthawi yake mu Details kusiyana ndi kungokoka ndi mausi, chifukwa chigawo chomwe chatsetsereka ndi fulemu imodzi kumbuyo chimaonetsa kaye mapeto a animeshoni yapitayo, ndipo diso limaona ngati thupi lathwanima.

Tsopano tsegulani Montage Sections. Mudzaona kuti injini yalumikiza zigawo zonse motsatana, kotero kuti montaji ingasewere kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Dinani Clear kuti muchotse malumikizidwe onse, kenako lumikizani `Attack1` ndi `Recover1`, ndiponso `Attack2` ndi `Recover2`. Zigawo za `Recover1`, `Recover2` ndi `Attack3` zisiyeni zopanda chotsatira, chifukwa chigawo chopanda chotsatira ndicho chimathetsa montaji. Tanthauzo lake ndi lakuti wosewera akadina kamodzi osadinanso, wankhondo amamenya, nabwerera poima, ndipo zonse zimatha pa masekondi 1.2.

Apa pali funso lomwe liyenera kuyankhidwa bwinobwino: n'chifukwa chiyani tikudula chigawo chobwerera poima pachokha, osangosiya `Attack1` kuti ithe yokha ndi kulola kusakaniza kubwezere wankhondo poima? Yankho lili mu Blend Out. Montaji yatsopano imabwera ndi Blend Out ya masekondi 0.25 ndi Blend Out Trigger Time ya -1, zomwe zikutanthauza kuti injini imayamba kuzimitsa montaji kutatsala masekondi 0.25 kuti chigawo chomaliza chithe. Chigawo cha `Attack1` ndi cha masekondi 0.6. Chikanakhala chopanda chotsatira, kuzimitsa kukanayamba pa masekondi 0.35, pakati pa fulemu 10 ndi 11, lupanga lili m'mwamba likudutsa. Kuyambira pamenepo injini imatenga montajiyo ngati yoimitsidwa kale, ndipo lamulo lililonse losintha chigawo chotsatira limangotayika popanda uthenga uliwonse. Wosewera wodina pa fulemu 9 akanapeza kombo, wodina pa fulemu 14 sakanaipeza, ndipo inu mukanataya masiku mukufunafuna vuto ku mabatani. Chigawo cha `Recover1` chimakankhira kuzimitsako kutali, pa masekondi 0.95, pomwe chisankho chinachitika kale.

Mpata wolandirira batani

Pa mzere wa Notifies dinani batani lakumanja, sankhani Add Notify State kenako Montage Notify Window. Mu Details lembani `ComboWindow` pa Notify Name, ndipo muitambasule kuyambira pa fulemu 8 mpaka 17. Bwerezani zomwezo m'chigawo cha `Attack2`, kuyambira pa fulemu 46 mpaka 56, ndi dzina lomwelo. M'chigawo cha `Attack3` musaikemo, popeza palibe kumenya kwina kotsatira.

Mpata woyamba ndi wa mafulemu 9, omwe ndi masekondi 0.3, ndipo umenewu ndi poyambira pabwino. Mukaufupikitsa kwambiri kombo imakhala ya akatswiri okha, ndipo mukauyamba pa fulemu 0 aliyense wongopondereza batani mosaganiza amamaliza kombo yonse. Mpatawu ukutha pa fulemu 17 osati 18 mwadala. Notifayi yomwe mapeto ake agundana ndi malire a chigawo imasiya funso lakuti chiyambe n'chiyani, kutseka mpata kapena kulumpha, ndipo palibe chifukwa chodziputira funso limenelo pomwe fulemu imodzi yokha ikulichotsa.

Pali kusiyana kwina komwe muyenera kukudziwa. Notifayi iliyonse yoikidwa mu montaji ili ndi Montage Tick Type, yomwe ingakhale Queued kapena Branching Point. Ya Queued imasungidwa kaye pamzere ndi kuperekedwa injini ikamaliza kuyendetsa animeshoni pa fulemu imeneyo, choncho ingachedwe pang'ono. Ya Branching Point imachititsa injini kuima ndendende pa nthawi ya notifayiyo, kupereka uthenga, kenako kupitiriza ndi nthawi yotsala. Phokoso la phazi kapena fumbi lingachedwe osavuta kanthu, koma chilichonse chosintha njira ya montaji chiyenera kufika pa nthawi yake, makamaka masewera akamayenda pang'onopang'ono pa kompyuta yofooka. Montage Notify ndi Montage Notify Window zimagwira ntchito ngati Branching Point mwachibadwa chawo, ndipo ichi ndicho chifukwa chake taisankha. Zili ndi malamulo awiri. Loyamba, ziyenera kuikidwa mu montaji momwemo, chifukwa mukaziika mu Animation Sequence uthenga wake sufika ku nodi ya Play Montage. Lachiwiri, musaike ziwiri pa nthawi imodzi ndendende, chifukwa injini imachenjeza mu Output Log kuti imodzi mwa izo sidzagwira.

Mpata wovulaza mdani

Uwu ndi wosiyana ndi mpata wa batani ndipo usaphatikizidwe nawo. Pangani Blueprint yochokera ku AnimNotifyState, muitche `ANS_HitWindow`, ndipo muiike pa mzere wachiwiri wa Notifies, kuyambira pa fulemu 9 mpaka 13 pa kumenya koyamba, ndi pa mafulemu omwe lupanga likudutsa pa kumenya kwina kuwiri. Mu Received Notify Begin uzani wankhondo afafanize mndandanda wa omwe amenyedwa kale, mu Received Notify Tick muuzeni afufuze chomwe chili pakati pa masoketi awiri a lupanga pogwiritsa ntchito Multi Sphere Trace For Objects, ndipo aliyense wopezeka amene sali pa mndandanda alandire bala kamodzi ndi kulembedwa.

Mndandandawo ukhale mwa wankhondo, osati mu notifayi. Notifayi ndi mbali ya fayilo ya montaji, ndipo ankhondo khumi akamasewera montaji yomweyo onse amagwiritsa ntchito notifayi imodzi yomweyo. Mukasungamo kanthu, lupanga la mmodzi limaiwala kapena kukumbukira zomwe linamenya la mnzake. Wankhondo mumamupeza kudzera pa Mesh Comp ndi Get Owner, ndipo muyambe mwafunsa ngati Cast yatheka, chifukwa pa zenera loonera montaji mwini wa thupilo si wankhondo wanu.

Kulumikiza batani

Mu Blueprint ya wankhondo pangani mavaliyebulo atatu a Boolean, `bIsAttacking`, `bComboWindowOpen` ndi `bInputBuffered`, ndi Map imodzi ya Name ndi Name yotchedwa `NextAttack`. Mu Map imeneyi lembani mizere iwiri: `Attack1` iloze ku `Attack2`, ndipo `Attack2` iloze ku `Attack3`. Ubwino wa Map ndi wakuti simusunga nambala yowerengera kumenya yomwe ingasiyane ndi zomwe montaji ikuchita. Nthawi iliyonse mumafunsa montaji komwe yafika, ndipo yankho lake silinama.

Pangani Input Action yotchedwa `IA_Attack` ndi kuiika mu Input Mapping Context yanu. Pa nodi yake gwiritsani ntchito pini ya Started. Pini ya Triggered, ngati simunaike Trigger ina iliyonse, imatumiza uthenga pa fulemu iliyonse batani likadali pansi, ndipo zotsatira zake n'zakuti kudina kumodzi kokhalitsa kumamaliza kombo yonse.

Uthenga wa Started ukafika pali njira zitatu. Ngati `bIsAttacking` ndi false, iyatseni ndi kuitana Play Montage pa Mesh ya wankhondo, Montage to Play ikhale `AM_SwordCombo` ndipo Starting Section ikhale `Attack1`. Ngati wankhondo akumenya kale ndipo `bComboWindowOpen` ndi true, itanani ntchito yomwe tiitche `QueueNextAttack`. Ngati akumenya koma mpata sunatseguke, ingoyatsani `bInputBuffered` kuti kudinako kukumbukiridwe.

Ntchito ya `QueueNextAttack` ndi yaifupi. Tengani Anim Instance ya Mesh, itanani Montage Get Current Section, fufuzani dzinalo mu `NextAttack` ndi Find, ndipo likapezeka itanani Montage Set Next Section, pomwe Section Name to Change ndi chigawo chomwe chikusewera ndipo Next Section ndi chomwe chapezeka mu Map. Mukatero zimitsani `bComboWindowOpen` ndi `bInputBuffered`. Olemba C++ angalembe motere, pomwe `ComboMontage` ikuloza ku `AM_SwordCombo`:

```cpp
UAnimInstance* Anim = GetMesh()->GetAnimInstance();
const FName Current = Anim->Montage_GetCurrentSection(ComboMontage);
if (const FName* Next = NextAttack.Find(Current))
{
    Anim->Montage_SetNextSection(Current, *Next, ComboMontage);
}
bComboWindowOpen = false;
bInputBuffered = false;
```

Lamuloli silisintha fayilo ya montaji. Limasintha kusewera komwe kuli mkati pa nthawiyo basi, choncho montaji ikayambanso kachiwiri `Attack1` imakhala yolumikizidwanso ndi `Recover1` ngati poyamba, ndipo simufunika kubwezera chilichonse.

Bwererani ku nodi ya Play Montage. Pa pini ya On Notify Begin yerekezani Notify Name ndi `ComboWindow`, ndipo zikafanana yatsani `bComboWindowOpen`, kenako ngati `bInputBuffered` ndi true itanani `QueueNextAttack` nthawi yomweyo. Pa On Notify End, dzina likakhala lomwelo, zimitsani mavaliyebulo awiriwo.

Kukumbukira kudina koyambirira ndi chisankho cha kapangidwe ka masewera anu. Kumakhululukira wosewera wofulumira, koma kumapangitsanso kuti kudina kawiri mwamsanga kutsimikize kumenya kwachiwiri lupanga loyamba lisanafike n'komwe. Ine ndimakonda kulemba nthawi yomwe batani linadinidwa ndi Get Game Time in Seconds, ndi kulandira kudinako pokhapokha ngati kunachitika m'kati mwa masekondi 0.2 mpata usanatseguke.

Tiyeni titsate wosewera mmodzi. Adina koyamba ndipo `Attack1` iyamba. Pa fulemu 8 mpata utseguka, pa fulemu 9 lupanga liyamba kuvulaza, ndipo pa fulemu 12 adinanso. Pa sikirini palibe chomwe chasintha pa nthawiyo, lupanga likupitiriza kudutsa, koma njira yasintha kale. Ikafika fulemu 18, montaji ilumpha `Recover1` yonse ndi kutera pa fulemu 36, pomwe thupi lili m'maimidwe omwewo. Akadinanso pa fulemu 50, montaji idzachoka pa 57 kupita pa 72. Kombo yonse ikhala ya mafulemu 18, 21 ndi 48, pamodzi 87, omwe ndi masekondi 2.9. Kaya wosewerayo anadina pa fulemu 8 kapena pa 16, kusintha kumachitika pamalo amodzimodzi, ndipo ndi chifukwa chake kumaoneka kosalala nthawi zonse. Mukanagwiritsa ntchito Montage Jump to Section pa nthawi yodina, kudina kwa pa fulemu 12 kukanadula lupanga pakati, kukanatseka mpata wovulaza usanathe, ndipo mkono ukanalumpha kuchoka kumanja kupita kumanzere pa fulemu imodzi.

Kubwezera zonse kombo ikatha

Pangani ntchito yotchedwa `ResetCombo` yozimitsa mavaliyebulo onse atatu, ndipo muilumikize ku On Completed ndi ku On Interrupted. Pini yachiwiriyi ndiyo imaiwalika kwambiri. Mdani akamenya wankhondo wanu pakati pa kombo, montaji yolasidwa imaimitsa ya lupanga, On Completed sifika, ndipo `bIsAttacking` imatsala yoyaka mpaka kalekale. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira: zonse zimayenda bwino mpaka wankhondo atamenyedwa koyamba, kenako batani lomenyera limafa. Musadalire On Notify End kuti itseke mpata pa nthawi yotereyi, lolani `ResetCombo` itseke zonse.

Mungayesedwe kulumikiza `ResetCombo` ku On Blend Out kuti wosewera ayambe kombo yatsopano msanga. Kuchita zimenezo kumatheka, koma kuli ndi msampha. Montaji yakale imakhala ikuzimirirabe pamene yatsopano yayamba, ndipo ikatha imatumiza uthenga wake womaliza, womwe umafika mochedwa ndi kuzimitsa `bIsAttacking` ya kombo yatsopano ija. Mukasankha njira imeneyi, yambani `ResetCombo` ndi funso la Montage Is Playing pa `AM_SwordCombo`, ndipo ngati yankho ndi true musabwezere kanthu. Njira yosavuta ndi kusiya On Blend Out yosalumikizidwa ndi kutsitsa Blend Out kufika pa masekondi 0.15 kapena 0.2. Blend In nayonso itsitseni kufika pafupi ndi 0.1, chifukwa pa 0.25 wankhondo amakhala akusakanizabe ndi kuima kwake mpaka pafupi ndi fulemu 8, ndipo kukweza lupanga kumaoneka kofooka.

Wodina mochedwa

Wosewera wina amadina pa fulemu 20, mpata utatsekeka ndipo `Recover1` itayamba. Pa zomwe tamanga mpaka pano iye ayenera kudikira montaji ithe, ndipo kudina kwake kumafafanizidwa ndi `ResetCombo`. Ngati mukufuna kumuchitira chifundo, ikani Montage Notify Window ina yotchedwa `LateWindow` kuyambira pa fulemu 19 mpaka 24, ndipo kudina kukafika m'mpata umenewo itanani Montage Jump to Section kupita ku `Attack2`. Apa ndi pomwe kulumpha kuli koyenera, popeza lupanga linamaliza kale ntchito yake ndipo palibe chodulidwa.

Komabe thupi lasuntha kuchoka pa maimidwe a fulemu 18, choncho kulumphako kudzaoneka. Nodi ya Inertialization yomwe tinaika poyamba ija ndiyo mankhwala ake. Musanalumphe, itanani Request Slot Group Inertialization pa Anim Instance, dzina la gulu likhale `DefaultGroup` ndipo nthawi ikhale pafupi ndi masekondi 0.1. Injini imatenga kusiyana kwa maimidwe akale ndi atsopano ndi kukuchepetsa pang'onopang'ono m'nthawi imeneyo. Musaitalikitse, chifukwa `Attack2` imayamba kuvulaza mafulemu ochepa chabe itayamba, ndipo lupanga liyenera kukhala litafika pa njira yake yeniyeni pa nthawiyo. Mpatawu uyeneranso kutha Blend Out isanayambe, pa chifukwa chomwe tinafotokoza pa zigawo paja.

Kuyesa ndi kuzindikira vuto

Yambani masewera, tsegulani konsolo ndi kulemba malamulo awa, limodzilimodzi:

```
ShowDebug Animation
slomo 0.2
t.MaxFPS 20
```

Loyamba limaonetsa montaji yomwe ikusewera, chigawo chomwe yafika ndi kulemera kwake. Lachiwiri limachedwetsa nthawi kasanu, kotero kuti mungadine dala kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa mpata uliwonse ndi kuona ngati kusintha kukuchitika pamalo amodzimodzi. Lachitatu muliyese mutabwezera `slomo 1`, ndipo limakakamiza masewera kuyenda pa mafulemu 20 pa sekondi. Pa liwiro limeneli mpata wovulaza wa mafulemu anayi umalandira Received Notify Tick kawiri kapena katatu kokha, ndipo lupanga lothamanga lingadutse mdani osamugunda. Zikatero sungani malo a masoketi a pa fulemu yapitayo ndi kufufuza kuchokera pamenepo kufika pomwe ali tsopano. Mukamaliza lembani `t.MaxFPS 0` kuti muchotse malirewo.

Ngati montaji ikuoneka pa mndandanda wa ShowDebug koma thupi silikumenya, dzina la siloti mu montaji silikufanana ndi la nodi ya mu AnimGraph, kapena nodiyo ili pa nthambi yomwe siikufika ku Output Pose. Ngati kudina kamodzi kukusewera kumenya konse kutatu, yang'anani kaye Montage Sections kuti muone ngati Clear inagwira, kenako pini ya `IA_Attack`. Ngati kombo ikuima pa kumenya koyamba nthawi zonse, ikani Print String pa On Notify Begin. Ikapanda kulemba kanthu, notifayiyo ndi ya mtundu wina kapena ili mu Animation Sequence, kapena montaji inayambidwa ndi Play Anim Montage yomwe ilibe mapini amenewa. Ikalemba `ComboWindow` koma kombo osapitirira, yerekezani maina a mu `NextAttack` ndi a zigawo chilembo ndi chilembo, chifukwa mpata umodzi wopanda chilembo wotsalira kumapeto kwa dzina ndi wokwanira kuti Find isapeze kanthu.

Ngati wankhondo akupita kutsogolo pomenya kenako n'kubwerera mwadzidzidzi pomwe anayambira, imodzi mwa maanimeshoni atatu aja ilibe EnableRootMotion, ndipo mudzaizindikira poona kuti kubwererako kukuchitika pa chiyambi cha chigawo chiti. Ndipo ngati mwasintha Play Rate ya chidutswa kapena mwadula mafulemu mutaika kale manotifayi, tsegulani notifayi iliyonse ndi kuona Link Method yake. Ya Absolute imatsala pa nthawi yake yakale pomwe animeshoni yasuntha, ya Relative imasuntha limodzi ndi chidutswa chake, ndipo ya Proportional imatambasukanso kapena kufupika malinga ndi kutalika kwatsopano kwa chidutswacho. Mukasintha liwiro la kumenya kwachiwiri, yang'ananinso kuti `Recover2` ndi `Attack3` zikadali pa mafulemu oyenera, ndiponso kuti `ComboWindow` yachiwiri ikuthabe fulemu imodzi chigawo cha `Recover2` chisanayambe.